Mtedza umene ndinabwerera nawo ku Area 12

Meseji ija ndikadali nayo m'foni mpaka lero. Siinali yanga. Analemba ndi amuna anga, kulembera mayi amene anali hedi wawo pa sukulu ya sekondale yoyima payokha imene ankaphunzitsapo masamu kuno ku Lilongwe asanapite ku Botswana. Ananditumizira kuti nane ndiione, ndipo poti inali ya Chingerezi, ine wolekera Sitandade 7, anachita kundimasulira pa foni mzere ndi mzere. Inkati: Madamu, ndikhulupirira muli bwino. Ndafunsira ntchito pa sukulu ina kuno, ndipo akufuna amene anali hedi wanga kwathu kuti andichitire umboni. Ndikupempha mundilole ndipereke dzina lanu. Pansi pake panali timizere tiwiri ta buluu, kusonyeza kuti awerenga. Yankho panalibe, ndipo panali patadutsa masiku asanu.

Ntchito imene amuna anga anali nayo inkatha mu Disembala, pamodzi ndi chilolezo chawo chokhalira m'dzikomo. Sukulu yatsopanoyo inali ndi nyumba za aphunzitsi a mabanja. Akanalembedwa, ine ndi mwana tikanawatsatira. Mwana wathu wamkazi anali ndi zaka ziwiri ndi theka, bambo ake anawaonapo kamodzi kokha, pa Khrisimasi, ndipo anawathawa n'kubisala kuseri kwa chitenje changa. Amene ankawadziwa ndi a m'foni. Foni ikalira, ngakhale ya abwana kushopu ya nsalu imene ndinkasesa ku Area 2, iye ankathamanga akuitana adadi.

Lolemba masana anandiimbira ndili kuseri kwa shopu.

"Akufuna yankho lifike pofika Lachisanu," anatero. "Mupiteko, mayi a mwana. Amakhala ku Area 12 chipumireni pa ntchito. Mwina akaona inu ndi mwana mtima wawo ungafewe."

"Ndikanene kuti chiyani?"

Kumbuyo kwawo ndinkamva ana a sukulu akusokosera. Kenako anatsitsa mawu.

"Pali kanthu kena. Pa pepala la mbiri ya ntchito yanga ndinalemba kuti ndinachoka pa sukulu paja mu Julaye, chaka cha sukulu chitatha. Mukawapemphe, mwaulemu, kuti nawonso akalembe Julaye."

Tonse awiri tinkadziwa kuti anachoka mu Malichi, mvula ikugwa, teremu ili pakati, ana a Folomu 4 atatsala ndi miyezi yochepa kuti alembe mayeso. Anachoka Loweruka m'mawa pa basi, osatsanzika munthu aliyense kusukulu, makiyi a kabati ya mabuku anangowasiya kwa mlonda.

Lachiwiri ndinapempha abwana kuti andimasule, ndinati mwana sakupeza bwino, bodza langa loyamba la tsikulo. Munthu wamkulu supita kwa iye manja ali lende, izi anandiphunzitsa ndi mayi anga ndisanadziwe n'kulemba dzina langa. Ndinali ndi mtedza umene anatitumizira kuchokera kumudzi, wosenda kale. Ndinaupeta, ndinasankhamo wofota wonse, ndinauthira m'kathumba koyera n'kuumanga m'chitenje chatsopano. Mwana kumbuyo, mtedza pamutu, ndinakwera minibasi kudepoti mpaka ku City Centre, kuchokera pamenepo wa pansi.

Unali Okutobala. Ku Area 12 ndinali ndisanapondeko. Misewu yake ilibe anthu, mipanda yokhayokha yaitali, maluwa apepo atayoyoka m'mbali mwa phula, agalu akuuwa osawaona. Ndinkayenda ndikuwerenga manambala a pa mageti, thukuta likulowa m'maso, ndipo galimoto iliyonse yodutsa ndinkaipatukira mpaka m'ngalande. Ndinkabwereza mawu m'kamwa. Madamu, andituma. Madamu, akuti Julaye. Ndikafika pa Julaye ndinkayambiranso poyamba. Geti lija ndinalidutsa kawiri dala ndisanagogode.

Anatsegula bambo wachikulire wosamalira maluwa, paipi ya madzi ili m'manja. Ndinanena kuti ndine mkazi wa mphunzitsi wa masamu amene anapita kunja. Analowa, anakhalitsako, n'kubwera kudzati ndilowe.

A hedi anali pakhonde la kumbuyo, pa mpando wa nsungwi, akusoka batani pa bulauzi yoyera ya amayi a mpingo. Anali mayi wamfupi, wa imvi zometa, mandala ali kunsonga kwa mphuno. Kwawo kunali kumpoto, ndipo Chichewa chawo chinkatuluka pang'onopang'ono, liwu lililonse palokha. Ndinagwada patali ndi mpando. Ndinatula mtedza n'kuukankhira kutsogolo ndi manja awiri.

"Yewo," anatero. "Koma uwo muyambe mwaika uko, pafupi ndi chitseko. Khalani pa mpando."

"Pansi pomwe pano pali bwino, Madamu."

"Pa mpando, mama. Mawondo anga salola kuti ndizilankhula ndi munthu ali pansi."

Ndinakhala m'mphepete mwenimweni mwa mpando. Ndinamasula mwana, anaima pakati pa miyendo yanga atagwira siketi. A hedi anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Chipumi ndi cha bambo ake," anatero. "Uyu ndi amene anali m'mimba nthawi ija?"

"Ndi yemweyu, Madamu."

"Akutumani."

"Eya."

"Meseji yawo ndinaiwerenga. Mukudziwa chimene chinafika meseji isanafike?" Anaika bulauzi pa tebulo, analowa m'nyumba, n'kubwera ndi kompyuta ya m'manja ndi mapepala awiri osindikiza. "Fomu iyi. Sukulu ya kumeneko inanditumizira pa imelo Lachiwiri lapitalo. Amuna anu andilembera Lachitatu kuti ndiwalole apereke dzina langa. Dzina anali atapereka kale. Munthu amayamba wapempha, mama. Ndikanakhala nditamwalira bwenzi fomu iyi ikudikira ndani?"

Ndinayang'ana zala zanga za kuphazi, zinali zotuwa ndi fumbi.

Ine m'mutu mwanga ndinkaganiza kuti umboni ndi kalata. Ndinkaganiza kuti a hedi alemba kuti munthuyu ndi wabwino, adinda chidindo, andipatsa mu envulopu, ine n'kukaijambulitsa kwa anyamata a makompyuta ku Old Town n'kutumiza. Ndinali nditatenga ndi envulopu yomwe, ili m'chikwama cha matewera. Nditaitulutsa a hedi anamwetulira pang'ono, koyamba.

"Chidindo ndinachisiya pa tebulo la sukulu tsiku limene ndinapuma. Ndipo izi sizidutsa m'manja mwanu, kapena mwa amuna anu. Zimachoka kwa ine kupita kwa iwo, basi. Akazilandira amatha kundiimbira foni kuti amve ngati ndinedi ndalemba. Bwerani pafupi, ndikuwerengereni."

Anawerenga funso lililonse m'Chingerezi, kenako n'kulinena m'Chichewa, chala chili pa mzere. Munthuyu mwamudziwa kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo monga ndani wake. Ankaphunzitsa phunziro lanji, makalasi ati. Kaphunzitsidwe kake kanali kotani. Kodi anapatsidwapo chilango pa ntchito. Kodi pali chifukwa chilichonse chimene mukuchidziwa choti asakhale pafupi ndi ana.

"Apa mpomwe amayang'anitsitsa," anatero, "ndipo apa ndilibe vuto. Zaka zinayi, palibe mwana kapena kholo linabwera kudzandidandaulira. Masana ankatsalira ndi ana ofooka osalipidwa kanthu. Zimenezi ndilemba ndi mtima wonse." Chala chinatsika. "Koma pali atatu awa. Anayamba liti ndipo anachoka liti. Anachoka pa chifukwa chanji, ndipo anapereka notisi kapena ayi. Lomaliza, mutapatsidwa mwayi mungamulembenso ntchito."

Apa mpamene ndinayenera kunena za Julaye. Ndinatsegula pakamwa. Mwana anali atapeza batani pansi ndipo ankafuna kuliika m'kamwa, ndinamulanda, analira, ndinamunyamula, ndipo a hedi ankangondiyang'ana pamwamba pa mandala, osathamanga, ngati mmene ankadikirira ana m'ofesi mwawo.

"Akuti," ndinatero, "akuti pa pepala lawo analemba Julaye."

"Ndaona. Pepalalo anditumizira limodzi ndi fomu kuti nditsimikize masiku." Anavula mandala. "Ndiye mwabwera kudzandipempha kuti ndisaine bodza, mtedza uli pakhomo."

Manyazi anandigwira thupi lonse mpaka m'makutu. Mtedza uja sindinautengere zimenezo, Mulungu akudziwa, ndinautenga chifukwa ndi mmene timayendera. Koma nditauyang'ana uli pachitseko paja m'chitenje chatsopano, ndinauona mmene iwo ankauonera.

"Lolemba lija atangochoka," anapitiriza, "ana makumi anayi anakhala m'kalasi kudikira mphunzitsi. Ndinaganiza kuti wachita ngozi. Ndinatuma munthu kuzipatala. Masana mlonda ndi amene anabwera ndi makiyi. Milungu itatu ndinalowa ndekha m'kalasi, ine wa Chingerezi, kukaphunzitsa masamu amene ndinawasiya ndili mtsikana, mpaka tinapeza wina. Makolo ankandidikira pa geti. Sindinakwiye kuti anapita, aphunzitsi amapita, nanenso ndinali ndi ana oti ndidyetse. Koma munthu amene ndinkamutcha mwana wanga, osabwera n'komwe kudzati mama ndapita."

Pamenepo mawu anangotuluka okha, sindinawakonze, ndipo ndinalankhula mothamanga ngati akundipirikitsa.

"Madamu, ndine. Ndine ndinawauza kuti asatsanzike. Iwo ankafuna kubwera, anavala ndi tayi yomwe Lachisanu lija, kalata yosiyira ntchito ili m'thumba, ine ndinaima pakhomo. Ndinali ndi mimba ya miyezi isanu ndi itatu, miyendo itatupa, m'kachipinda kamodzi kuseri kwa nyumba ya eni ake ku Area 15, ndipo a ku Botswana anati akapanda kufika sabata imeneyo malo apatsa wina. Chaka cha m'mbuyo mwake anapezanso ntchito ina, anabwera kudzakuuzani, munalankhula nawo za ana a mayeso, anabwera kunyumba atasintha maganizo. Ndinkadziwa kuti akakuonani sapita. Inu sakanatha kukukanirani. Ndiye ndinati mukapita kwa a hedi ine ndibwerera kumudzi, mwanayu akabadwira komweko. Anavula tayi. Kalata ija ndinaing'amba ndine."

Ndinali ndisanauzepo munthu aliyense, ngakhale mayi anga. Nditamaliza ndinkapuma ngati ndakwera phiri. Kumpanda bambo uja ankathirira maluwa, madzi akumveka pa masamba.

A hedi sanandikalipire. Anatsanulira madzi m'kapu n'kundipatsa, ena anamwetsa mwana.

"Munali ndi zaka zingati?"

"Makumi awiri."

"Mmm." Anavalanso mandala. "Mantha anu ndawamva. Koma mphunzitsi anali iwo, mama, osati inu. Tayi anavula okha. Ndipo Julaye uyu sanalembe ndi inu. Muli ndi mayunitsi? Aimbireni. Ino ndi nthawi ya buleki kumeneko."

Nambala ya amuna anga ndinailakwitsa kawiri. Atayankha anati, "Zatheka?" ndipo ine ndinangoti, "Ali pompano," n'kuika foni pa tebulo kuti tonse tizimva.

"Aphunzitsi," anatero a hedi.

Ndinamva amuna anga akuti "Madamu," ndi mawu amene sindinawamvepo, aang'ono, ngati a mwana wa Folomu 1. Mwana atamva anakuwa kuti adadi n'kuyamba kumenya foni ndi chikhato, ndinachita kumugwira manja.

"Mwanenepa kumeneko?"

"Pang'ono, Madamu."

"Meseji ya mizere inayi. Zaka ziwiri ndi theka, mizere inayi. Ndipo mwatuma mkazi ndi mwana pa dzuwa ili kuti adzanene zimene inu mukuopa kunena."

"Ndinalakwa, Madamu. Ndinalakwa kwambiri. Ndinkachita manyazi kukuimbirani."

"Manyazi ndi abwino, musawataye. Tsopano mverani. Fomu ndilemba. Ndilemba kuti munachoka mu Malichi, osapereka notisi. Ndikalemba Julaye, iwo n'kuimbira kusukulu kumene faelo yanu ikadali, tonse awiri tikhala abodza, ndipo zabwino zonse zimene ndanena za inu zidzakhala zopanda ntchito. Ndi za aphunzitsi ena onse amene ndinawachitira umboni zomwe. Nditumiza Lachinayi madzulo. Muli ndi lero ndi mawa. Alembereni nokha, muwauze kuti mwezi uja munalemba si woona, muwauze chifukwa chake. Amve kwa inu asanamve kwa ine."

"Akandikana, Madamu."

"Mwina. Zimenezo sindingakulonjezeni."

Foni itadulidwa ndinkafuna kufunsa za funso lomaliza lija, loti angawalembenso ntchito, koma sindinalimbe mtima. Anaona okha.

"Limenelo sindinaganize," anatero. "Ndikufuna ndiligonere."

Ponyamuka ndinabereka mwana, ndinagwada kutsanzika, n'kulunjika ku geti. Anandiitana.

"Mtedza wanu, mama."

"Ndi wanu, Madamu. Ndi wa kumudzi, si wogula."

"Ndikudziwa, ndauona, ndi wosankha bwino. Koma fomu isanapite sindingadye kanthu ka m'nyumba mwanu. Akandiimbira foni ndikufuna ndiyankhe pakamwa pali poyera. Senzani."

Palibe chinthu chinandipwetekapo ngati kusenzanso mtedza uja. Kwathu mphatso ikabwezedwa ndiye kuti chibale chatha. Ndinayenda msewu wonse wa mipanda uja ndikulira mosatulutsa mawu, katundu yemweyo pamutu, ndipo m'minibasi mayi wina anandifunsa ngati ndikugulitsa. Kunyumba ndinauika pansi pa bedi kuti ndisamauone.

Lachitatu amuna anga analemba kalata yopita kusukulu yatsopano ija. Anandiwerengera asanatumize. Za ine sanatchulemo, anangoti mkazi wanga anali pafupi kuchira ndipo ndinachita mantha, ndinachoka molakwika, ndipo pobisa kulakwako ndinalemba mwezi wabodza. Ndinawauza kuti aikemo kuti ndine ndinawaletsa. Anakana. Lachinayi ndinasesa shopu yonse kawiri, ndinapinda nsalu zopinda kale, foni ili m'bulauzi, ndikuigwiragwira ngati yatentha. Dzuwa likulowa inalira. Inali meseji ya a hedi kwa amuna anga, iwo n'kunditumizira. Mawu awiri okha a Chingerezi, amene ngakhale ine ndinawamva: zatumizidwa, pempherani.

Zimene analemba pa funso lomaliza sitinazione, ndipo sitidzaziona, mafomu amenewa saonetsa mwini wake. Chimene tikudziwa n'chakuti sabata yotsatira a kusukulu ija anawaimbiradi foni a hedi, kenako anaitana amuna anga. Anawafunsa za Malichi kwa nthawi yaitali, osati za masamu. Anawalemba ntchito, koma mongoyesera kwa materemu awiri, ndipo anati nyumba ya banja ndi makalata otitengera ife adzayamba kuzikonza akadzawatsimikiza. Amuna anga pondiuza ankasangalala. Ine ndinawerenga miyezi pa zala, ndinapeza kuti mwana adzakwanitsa zaka zitatu tikadali kuno, ndipo sindinadziwe ngati ndiseke kapena ndilire. Akanalemba zoona poyamba pomwe mwina bwenzi titapita mu Januwale. Mwinanso sakanawaitana n'komwe. Ndimaziganiza ndikamasesa, sindipeza yankho.

Loweruka la sabata imene anawalemba ntchitoyo ndinatulutsa mtedza pansi pa bedi. Ndinaupetanso, chifukwa tizilombo tinali titayamba kulowamo, ndinauyanika pang'ono, n'kuumanga m'chitenje chomwe chija. Ulendo uno geti sindinalidutse. A hedi anali pakhonde pomwe paja. Anandiuza kuti amuna anga anawalembera kalata yeniyeni, ya masamba atatu, ndipo anaipeza ndi zolakwika ziwiri za Chingerezi.

Ndinagwada, ndinakankhira mtedza kutsogolo. Anaulandira ndi manja awiri, anamasula mfundo, anatapa pang'ono n'kutafuna.

"Madamu," ndinatero, "funso lija munayankha kuti chiyani?"

"Limenelo ndi la ine ndi iwo," anatero. Anatapanso wina, anauphwanya pakati ndi zala kuti mwana asatsamwe, n'kumuika m'kamanja. "Tsiku lonyamuka mudzabwere kudzanditsanzika. Ndi mwanayu. Sindidzakuletsani."

Pano tili mu teremu yachiwiri. Chikwama chachikulu ndinagula kale kumsika, chili pamwamba pa kabati, ndipo mwana amalowetsamo nsapato zake ndikachitsitsa kuti ndipukute fumbi. Njira ya ku Area 12 ndikuidziwa tsopano, kuchokera pa siteji ya ku City Centre mpaka pa geti, osawerenga manambala.